Ndiwapemphenso bwanji kalata ya umboni aphunzitsi amene anandiiwala?

Azakhali,

Ino ndi 1 koloko usiku, magetsi anazima kalekale, ndipo uthenga umene ndikufuna kutumiza ndaulemba n'kuufufuta kanayi. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Digiri ndinamaliza mu 2017. Chaka chatha ndinafunsira sikolashipu ya Chevening, ija yokachita masitazi kwa chaka chimodzi ku Britain, ndipo anandiitana ku intavyu. Ankafuna makalata awiri a umboni, olembedwa m'Chingerezi. Ahedi anandilembera tsiku lomwelo. Yachiwiri ndinkadalira alekichala amene anayang'anira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza.

Ndinawalembera pa WhatsApp Lachiwiri, makalata akufunika Lachisanu. Ndinangoti, "Mwaswera bwanji bwana, ndine wophunzira wanu wakale, ndikupempha kalata ya umboni, ikufunika mwachangu." Anawerenga, koma zii. Lachinayi m'pamene anayankha: "Pepani, ndikumbutseni, ndinu a chaka chiti? Kalatayo ikupita kwa ndani?"

Azakhali, miyezi isanu ndi itatu ndinkalowa mu ofesi yawo ndi mabotolo a madzi a m'zitsime. Tsiku lina ndinawadikira pakhomo maola atatu, mvula ikugwa, iwo ali kumsonkhano umene sanandiuze. Munthu ameneyo n'kumandifunsa kuti ndine wa chaka chiti? Ndinakwiya, sindinayankhe mpaka usiku, ndipo zinathera pomwepo. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilembera timizere tinayi. Sindinasankhidwe. Kaya chinandigwetsa n'chimenecho, koma mtima wanga umabwerera pomwepo.

Mayi wina amene timaphunzitsa limodzi anandiuza mosabisa kuti wolakwa ndine. Akuti alekichala amaona nkhope mazanamazana, ndipo ine ndinawasenzetsa ntchito yofufuza kuti ndine ndani, kalata ikupita kuti, inene chiyani, zonsezo m'masiku atatu. Zinandiwawa, komabe chaka chino ndafunsiranso ndipo ndatsatira zimene anandiuza.

Ndalemba imelo, osati WhatsApp. Pamwamba ndaika dzina limene ndinkadziwika nalo ku koleji, poti pano ndimatchedwa dzina la amuna anga, ndipo mwina n'chimene chinawasokoneza. Kenako chaka chimene ndinamaliza, mutu wa kafukufuku uja, ndi chimene tinapeza, chakuti zitsime zoyandikana ndi zimbudzi ndizo zinali ndi madzi oipa kwambiri nthawi ya dzinja. Ndati akaona zimenezo andikumbuka. Ndafotokoza m'mizere itatu chimene ndikufunsira, maphunziro amene ndasankha, ndiponso kuti osankhawo amayang'ana kwambiri utsogoleri, choncho kalata yongonena kuti ndinali wakhalidwe labwino singandithandize. Ndaphatikizapo sivi ndi tsamba limodzi la zimene ndachita chichokereni ku koleji: kalabu ya sayansi ya atsikana imene ndinayambitsa mu 2019 ndi ana 12, pano alipo 40, ndi labu imene tinakonza m'chipinda chosungiramo makasu. Ndapempha kuti kalatayo ikhale pa pepala la ofesi yawo, yosainidwa, yokhala ndi imelo ndi nambala yawo, ndipo inene kuti akundidziwa kuyambira liti komanso monga ndani.

Za tsiku ndiye zandisowetsa tulo. Ndawapatsa masabata asanu ndi limodzi. Mayi uja akuti nditchule tsiku lenileni lotsekera, kenako ndipemphe kuti ine ndiilandire kutatsala masabata awiri, ndipo ndinene kuti ndidzawakumbutsa kamodzi. Mchimwene wanga akuti ndingonama tsikulo, anthu akuluakulu amachita zinthu mphindi yomaliza. Nanga atadzazindikira kuti ndinanama, munthu woti andichitire umboni? Kumapeto ndalemba kuti, "Ngati nthawi siyikulolani, chonde ndidziwitseni sabata ino isanathe kuti ndipemphe ena." Mzere umenewu ndi umene ndikungoufufutafufuta. Ndikuopa kuti ndawatsegulira khomo lokanira, ndipo wina wondidziwa pa za maphunziro ndilibe.

Palinso china. Chaka chachitatu ndinalephera kosi yawo ina n'kulembanso mayeso, pa zifukwa za kunyumba zimene sindinganene pano. Nditchule ndekha m'tsamba lija, kapena ndingokhala chete, akaziona okha m'mafayilo?

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Kodi tsamba lofotokoza zimene ndachita silioneka ngati ndikuwaphunzitsa ntchito, kapena ngati kudzitama pamaso pa munthu wamkulu? Ndipepese za chaka chatha, pamene mumtima ndikuonabe kuti nawonso akanatha kungondiimbira? Ndikatumiza imeloyo ndiwaimbirenso foni, kapena ndikwere minibasi ndikaonekere ndekha? Ndipo akadzandifunsanso kuti ndine wa chaka chiti, nditani?

Ine mwana wanu wosowa tulo,
ku Dedza