Lipoti la msonkhano wa ku Chipata wonena za akuba a pafoni ndi ana athu

Apampando ndi makolo anzanga, ndabwerako kumene munandituma. Zinakambidwa zambiri, za maulalo abodza a mabando aulere ndi mauthenga a "mwawina", koma ine ndatola nkhani ya manambala 6 a WhatsApp, chifukwa kwathu kuno ana ambiri amasewera pafoni za amayi awo.

Mayi wina anafotokoza zimene zinamuonekera. Mwana wake wa zaka 13 amasewera Free Fire. Munthu amene anadziwana naye m'masewerawo anamulonjeza madayamondi aulere ogulira zinthu m'masewerawo, nati angotumiza nambala ya foni. Mwana anatumiza. Posakhalitsa panalowa uthenga wa manambala 6, munthu uja n'kuti: "Ndiwerengere amenewo kuti mphatso ilowe." Manambalawo sanali a mphatso ayi. Anali amene WhatsApp imatumiza wina akamatsegula akaunti yanu pafoni ina. Madzulo ake wakubayo anali atalembera anzake a mayiyo a m'chilimba kuti mwana wadwala, atumize K200 panambala ina, ndipo awiri anatumiza.

Otiphunzitsa anati kuuza mwana kuti "uzisamala" sikuthandiza, chifukwa wakuba amabwera ngati mnzake. Mupatseni lamulo limodzi logwirika: manambala obwera pa SMS ndiponso PIN ya Airtel Money kapena MoMo sauzidwa munthu, ngakhale uthenga uli ndi chithunzi cha amalume ake. Kenaka yeserani naye. Inu mukhale wakubayo, mumukokose, mumufulumize kuti mwayi utha pamphindi zisanu, mpaka azolowere kuyankha kuti "dikirani ndifunse amayi". Ndinayesa ndi mdzukulu wanga nditangofika; ulendo woyamba anandiwerengera manambala onse, mtima wanga unachita myuu.

Zikachitika, lowaninso mu WhatsApp ndi nambala yanu. Mukalemba manambala atsopano amene abwere, wakuba amatulutsidwa. Ngati anaikamo kale PIN yake, mungadikire masiku 7, choncho imbirani abale msanga kuti asatumize ndalama. Nambala ya wakubayo ikaneneni ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, poimba *707#. Kuti mutsekeretu khomo, pitani pa Settings > Account > Two-step verification muike PIN yanuyanu.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti mwana uja anaona WhatsApp itatsekeka masana, koma anabisa poopa chikwapu. Akananena nthawi yomweyo, palibe akanataya ndalama. Ndikukupemphani makolo anzanga, mwana akaulula tisathamangire mkwapulo, tiyambe tamumvera.

Pempho langa kwa komiti n'lakuti Loweruka likubwerali kholo lililonse libwere ndi foni komanso mwana amene amaigwiritsa ntchito, tidzaike PIN ija pamodzi, ndipo aphunzitsi atithandize kuyeserera ndi ana a giredi 5 kupita m'tsogolo.