Za wilo ya amalume ako

Mwana wanga,

Ndamva kuti unamuimbira foni mchimwene wako wa ku Makawa n'kumunong'oneza kuti boti silikupita kwa iye. Ngati ndi zoona, walakwitsa kwambiri. Amalume ako anakusiya iwe kuti uyendetse wilo yawo chifukwa unkadziwa kusunga pakamwa. Lero dothi la pamanda lisanaume, nkhani yafika kale kudoko.

Mantha anga ndi amenewa, kuuza anthu mmodzimmodzi. Amene wamva poyamba amaoneka ngati munapangana, ndipo amene wamva pomaliza amati munamubisira. Mawu akadutsa pakamwa pa anthu atatu, boti limodzi limasanduka maboti awiri ndi ndalama za kubanki zimene kulibe. Usaimbirenso munthu. Pa gulu lanu la WhatsApp lija usalembepo kanthu kupatula tsiku lokumana.

Pita kaye kwa agogo ako aamuna, eni mbumba, pamodzi ndi mayi wamasiye uja. Uwauze kuti wilo ilipo ndipo upemphe kuti iwo atchule tsiku. Za m'kati usawauze. Iwe ndiwe mwana, sungaitane akuluakulu wekha. Tsikulo likhale pambuyo pa kumeta, koma lisatalike, chifukwa ukachedwa injini ija idzayamba kugona kunyumba kwa wina. Amfumu akhalepo kapena atumize nduna. Ayitanidwenso anthu awiri aja amene anasaina ngati mboni, kuti wina akati pepalali ndi lopeka, iwo anene okha kuti anaona amalume ako akusaina. Amene ali ku Joni muwaike pafoni nthawi yomweyo, asadzamve mawa.

Ndipo mtsikana wa ku Makanjira uja abwere. Ndikudziwa kuti mlamu wanga safuna kumva dzina lake, koma ndi mwana wa malemu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi wobadwira kunja, ndipo ngati wilo yamusiya opanda chithandizo ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Kuli bwino alire pamphasa pathu kusiyana n'kutumiza samani.

Mukakhala pansi, usayambe ndi zoti uje walandira chakuti. Yamba ndi ngongole. Unene poyera kuti injini sinathe kulipiridwa, kuti anyamata a pachilimira sanalandire za mwezi watha, kuti bokosi tinatenga pangongole. Lamulo limati zimenezi zibwezedwe kaye chuma chisanagawidwe. Anthu akamva ngongole mitima imatsika, amaleka kuganiza kuti pali phiri la ndalama. Kenako uwerenge katundu yense, nyumba ya ku Boma, boti, injini, maukonde, njinga, wina azilemba, ndipo onse aone pepalalo.

Ukatero uwerenge wilo yonse monga inalembedwera, osadumpha mzere, osawonjezera zako. Wina akafunsa chifukwa chimene malemu anachitira choncho, usawayankhire. Iwe umakonda kufotokoza, uli mwana unkafotokozera ngakhale aphunzitsi ako, koma apa ayi. Ukangoti "mwina ankaganiza kuti", mlandu wonse wasanduka wako. Ungoti analemba ndi iwo, ine ndikungowerenga.

Povuta ndi pa mchimwene wako yemweyo. Wakhala zaka akugona panyanja ndi amalume ake, manja anachita zikang'a ndi zingwe za ukonde, ndipo kwathu kuno tinakula tikudziwa kuti za malume amatenga ndi mwana wa mlongo wake. Tsopano wilo ikuti boti ndi injini ndi za mayi ndi ana, iye atenge ukonde waung'ono. Zimupweteka, ndipo umulole alankhule mpaka amalize. Usamuopseze ndi apolisi pa anthu, ngakhale kulanda chuma cha masiye ndi mlandu ndithu. Agogo ako ndi amene amuuze zimenezo pambali. Iwe ufunse mayi wamasiye pamaso pa onse ngati angalole kuti mnyamatayo apitirize kuyendetsa botilo ndi kumagawana zopeza, ndipo akagwirizana zilembedwe tsiku lomwelo. Munda wa kumudzi usauphatikize m'nkhaniyi, ndi wa mbumba, akambirana eni ake.

Tsiku limenelo pasachoke ngakhale supuni. Uwauze kuti wilo iyenera kukatsimikizidwa kaye kukhoti usanapatsidwe mphamvu yogawa, ndipo ku ofesi ya a DC akakulongosolera poyambira. Makiyi a nyumba akhale ndi mayi wamasiye, injini itsekeredwe komweko. Wilo yeniyeniyo usapatse munthu kuti akawerengere kwawo, uwajambulire mafotokope.

Iwenso usatengepo kanthu, ngakhale ya minibasi, osalemba. Ndikubwereza, foni ija uyisiye. Ubwere Lachisanu ugone kuno, Loweruka m'mawa tipitire limodzi kwa agogo ako. Undigulireko mankhwala a miyendo aja. Apongozi anga ndi ana uwapatse moni.

Ndine mayi ako.