Kwa inu amene munakonza kanema wa banki m'khonde yathu: pepala la ngongole likuonekabe

Ndakuimbirani kanayi sabata ino, uthenga wanga wa pa WhatsApp mwauwerenga koma osayankha, ndiye ndalemba pano poti mwina pagulu mumva. Dzina la kampani yanu sinditchula, mukudzidziwa.

Tinakupatsani ntchito yokonza kanema wa tsiku limene gulu lathu linkagawana masheya. Pakhoma, kumbuyo kwa amayi apampando, panali pepala lalikulu lolembedwa ndi maka yakuda: maina kumanzere, ngongole ya aliyense kumanja. Tisanalipire ndinanena kawiri kuti pepalalo liphimbidwe paliponse pamene likuoneka. Munati, "Musadandaule mayi, imeneyo ndi ntchito yaing'ono." Pamene kamera yangoima munaphimbadi bwino. Vuto lalikulu lili pamene wojambula akutembenuza kamera kuchoka kwa apampando kupita kwa asungichuma, masekondi 6 okha.

Ine ndinakonzako makanema a maukwati kwa zaka zingapo laputopu yanga isanafe, choncho ndinakhala pansi n'kuyenda fulemu imodziimodzi. Kanemayu ndi wa mafulemu 25 pa sekondi, ndiye masekondi 6 amenewo ndi mafulemu 150. Kamera ikamatembenukira kumanja pepala limayenda chakumanzere, ndipo apa layenda mapikiselo pafupifupi 1,200. Zimene munachita zikuonekeratu. Munaika masiki, kachigamba ka chimbuuzi kobisira zinthu, pa pepala poyambira, n'kulumpha mpaka kumapeto, n'kuikokera pamene pepala lafika, basi. Makiifulemu awiri. Pakati ponsepo munasiyira kompyuta, ndipo kompyuta imayendetsa masiki pa liwiro limodzi, mapikiselo 8 pa fulemu iliyonse.

Koma dzanja la munthu siliyenda choncho. Wojambula amayamba pang'onopang'ono, amathamanga pakati, kenako amachepetsa kuti aime bwino. Sekondi yoyamba itatha, masiki yanu inali itayenda mapikiselo 200 pamene pepala linali litangosuntha pafupifupi 90. Masiki inathawira kutsogolo n'kusiya mbali ya kumanja ya pepala poyera, kumene kuli ndalama. Pakati zinakumana, zonse n'kuphimbika kwa kanthawi. Chakumapeto pepala ndi limene linatsogola, masiki n'kutsalira, ndipo mbali ya kumanzere inatseguka, kumene kuli maina. Munthu akaimitsa kanema kawiri n'kujambula sikirini kawiri, ali ndi dzina la munthu ndi ngongole yake pa mzere umodzi. Izi si zongoganizira ayi. Mayi wina wa gulu lathu anatumiziridwa zithunzi ziwirizo ndi mlamu wake, atazunguliza dzina lake ndi mzere wofiira. Anabwera kwathu m'mamawa, anakhala pakhonde osalankhula, anangondipatsa foni.

Nditadandaula koyamba munanditumizira kanema wachiwiri, mukuti tsopano mwagwiritsa ntchito chida chotsatira chinthu chokha. Ndikuvomereza, poyambira pali bwino kuposa kale. Koma pa sekondi yachinayi mwana akudutsa kutsogolo kwa pepala atanyamula mpando, ndipo masiki ikusiya pepala n'kumutsata iyeyo. Mwanayo akuyenda mutu uli mbuu, pepala lili poyera mpaka kumapeto. Kodi munaonera musanatumize?

Chida chimenecho sichidziwa kuti pepala n'chiyani. Chimangoyang'ana timadontho ndi m'mphepete mwa zimene zili mkati mwa masiki, n'kuzifunafuna mu fulemu yotsatira. China chikadutsa kutsogolo, chimagwira chimenecho. Kamera ikathamanga, chithunzi n'kuchita chimbuuzi, chimasowa chogwira n'kuyamba kutsetsereka. N'chifukwa chake munthu sadina n'kupita kukamwa tiyi.

Munandiuza nokha kuti mumagwiritsa ntchito Premiere Pro, ndiye ndinene m'chinenero chanu. Musayambire pa fulemu yoyamba. Pezani fulemu imene pepala likuoneka lonse, lakuthwa, popanda chotchinga, mujambule masiki pamenepo. Mu Effect Controls, pa mzere wa Mask Path, pali kachizindikiro ka sipanala kosankhira njira yotsatira. Pepala likamachoka m'mphepete kupita pakati pa chithunzi limasinthako kukula ndi kupendekeka, choncho musasankhe yongotsata malo, sankhani yotsata malo, kukula ndi kuzungulira komwe. Mutsate chamtsogolo, kenako mubwerere pa fulemu ija mutsate chammbuyo. Mwana uja akangolowa mu masiki, imitsani. Fufutani makiifulemu onse amene asochera, pitani pamene wadutsa, ikaninso masiki pa pepala, mutsate kuchokera pamenepo. Mafulemu apakati, mwina 15 kapena 20, muwakonze pamanja, mukuyang'ana ngodya ya pepala imene ikuonekabe. Akaphimbikako mwanayo pang'ono palibe kanthu, ife sitidandaula. Pepala ndi limene lisaoneke.

Masiki yanunso yathina kwambiri, yangokwana ndendende m'mphepete mwa pepala ngati malaya a Khirisimasi yatha. Ikaphonya ndi mapikiselo 10 okha, zilembo zoyamba zatuluka. Pamwamba pa izo munakweza Mask Feather kuti m'mphepete mufewe. Kufewetsako kumadya mkati ndi kunja komwe, ndiye m'mphepete mwa pepala, mmene mukuyambira maina, mwaphimbika mwatheka chabe. Onjezani Mask Expansion kuti masiki ipitirire pepala mbali zonse, makamaka pakati pa kutembenuka kwa kamera pamene zilembo zimatambasuka cham'mbali. Ndipo chimbuuzi chenichenicho n'chopepuka. Manambala analembedwa ndi maka yonenepa, moti ukatalikitsa foni n'kutsinzinira pang'ono, 8 ndi 0 zikusiyanitsika. Kwezani mphamvu yake, kapena ikanipo mtundu umodzi wotseka kotheratu. Tinapempha kubisa, osati kukongoletsa.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi yankho la mnyamata wanu pa foni, lakuti "palibe angawerenge, zikudutsa mwachangu." Kanema wa pa foni amaimitsidwa ndi chala chimodzi, abwana. Fulemu imodzi yotseguka ndi yokwanira. Mu kanema wanu woyamba ndawerenga mafulemu oposa 60 amene dzina kapena ndalama zikuwerengeka.

Kanema woyamba uja mudakali naye pa tsamba lanu ngati chitsanzo cha ntchito yanu. Muchotseni lero, musadikire kukonza. Wokonzedwayo munditumizire ine ndekha kaye, osati pa gulu, ndipo musamupanikize mpaka kuchepa, chifukwa ndikufuna kuyenda mafulemu onse 150 ndi maso anga pa chithunzi choyera. Muonenso malo ena awiri chakumapeto, pamene amayi akuvina ndipo kamera ikudutsa khoma lomwelo. Pamenepo simunaikepo masiki n'komwe. Ngati ntchitoyi yakukanikani, nenani, mutibwezere mafayilo oyambirira a kamera ndi theka la ndalama zimene tinalipira, tikapeze wina. Gulu likumana Loweruka masana, ndipo amayi aja adzandifunsa ine, chifukwa ndine amene ndinakubweretsani.