Kalata kwa amake Tadala, ku Mzuzu

Nchalo, 14 Okotobala

Wokondedwa amake Tadala,

Kalata yako ndinailandira kwa mwana wa achemwali ako uja. Iwe ukulira ndi kuzizira kwa ku Mzuzu, mwana wa kuchigwa weniweni amene unkawoloka mchenga wa Mwanza masana wopanda nsapato? Bwera udzagone usiku umodzi wokha kuno mwezi uno, juzi ukuikondayo udzaiponya mu Shire. Ife tikugona pabwalo, udzudzu ndiye usanene.

Ndachedwa kuyankha chifukwa achimwene anawagoneka m'chipatala. Ndi chibayo. Anayamba ndi kutentha thupi, tonse tinkati malungo, mpaka usiku wa Lolemba pamene anayamba kubanika, nthiti zikuchita kulowa m'kati akamapuma. Anawaika pa okosijeni. Pano amuchotsa, akumwako phala, koma mawu akadali apansipansi.

Ukudziwa kuti amagwira ntchito pamunda wothirira uja, ndiwo amaliza injini yopopa madzi, chaka chachitatu tsopano. M'mawa mwake alamu anatuma mnyamata wa kabaza kuti akauze a kapitawo. Ine mtima sunakhale pansi. Kapitawo akhoza kumva uthenga n'kugwedeza mutu, koma m'kaundula amangolemba kuti munthu sanabwere, ndipo kalaliki wa malipiro amawerenga kaundulayo, sawerenga zimene wakabaza ananena pansi pa mtengo. Abambo ake a Chisomo zinawachitikira zomwezo, ukukumbuka. Anatuluka m'chipatala n'kupeza pamalo pawo pali wina, ati munathawa ntchito, ndipo analibe kapepala n'kamodzi komwe kosonyeza kuti anauza munthu.

Ndiye ndinati ndilembe kalata. Ndisanalembe ndinadikira adokotala akuyendera odwala m'mawa, n'kuwapempha kapepala kopita kuntchito. Alamu ankafuna tingotumiza buku lakuchipatala lija, ine ndinakana. Bukulo limafunika pabedi pomwepo, komanso muli matenda onse a munthu kuyambira kalekale, zimene bwana alibe nazo gawo. Kapepalako n'kakafupi: dzina la wodwala, tsiku limene anamugoneka, chimene chikumulepheretsa kugwira ntchito, siginecha ya adokotala ndi chidindo cha chipatala. Chidindocho ndinachita kuchilondola mpaka ku ofesi, poti kapepala kopanda chidindo ena amati mwalemba nokha.

Kalatayo ndinalemba m'Chichewa chomwechi, nditatsamiritsa kope pabondo kukhonde la wodi. Pamwamba tsiku, ndi kwa bwana mwini, kudzera mwa a kapitawo. Kenako ndinati:

"Ine ndine mlongo wake wa wantchito wanu amene amaliza injini yopopa madzi. Ndikukudziwitsani kuti anagonekedwa m'chipatala usiku wa Lolemba pa 9 Okotobala, ndipo sangathe kulemba yekha. Ndaphatikiza kalata ya adokotala. Tsiku lotuluka adokotala sananene, akadzanena ndidzakulemberaninso. Ndikupempha kuti masiku amenewa alembedwe ngati tchuthi cha matenda, osati kujomba. Makiyi a nyumba ya injini ndapereka pamodzi ndi kalata ino."

Pansi dzina langa, ubale wathu ndi nambala ya foni. Basi. Alamu anati bwanji yafupika chonchi, bwanji osanena kuti abwera Lolemba likudzali kuti abwana mtima ukhale m'malo. Ayi ndithu. Ukalonjeza tsiku, munthu n'kulephera kudzuka, tsiku limenelo ndi limene adzayambire kuwerenga kujomba. Anafunanso ndiikemo zopempha ngongole ya mayendedwe. Zimenezo ndati tidzapempha padera, chifukwa kalata ikasakaniza matenda ndi ndalama, bwana amayankha za ndalamazo kuti palibe, za tchuthi n'kukhala chete. Ndipo ngakhale mumtima ndikukhulupirira kuti chibayochi chinachokera ku kugona m'mbali mwa madzi usiku ndi usiku, sindinalembe. Ine si dokotala, ndipo kalata yoyamba si yoyambira mlandu.

Ndinalemba ziwiri zofanana. Mwana wa achimwene wamkulu uja anapita nazo, ndinamuuza kuti asachoke mpaka akalaliki asaine pa inayo ndi kulembapo tsiku limene alandira. Akuti anayamba anyinyirika, koma anasaina. Ili m'chikwama mwanga, m'pepala la pulasitiki la shuga. Kapepala ka adokotala tinakajambula pa foni tisanapereke.

Amuna ako poti ali pa kampani, mwina ukudziwa kale, koma lamulo la zantchito la 2000 limati munthu amene wagwira miyezi 12 mosadukiza ali ndi tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse, ndi masabata 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Koma bwana sakakamizidwa kupereka ngati palibe kalata ya dokotala wovomerezeka, n'chifukwa ndinalimbikira kapepala kaja. Limanenanso kuti kusapezeka pantchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu. Achimwene miyezi 12 anaipitirira kalekale. Amene amandimvetsa chisoni ndi anyamata odula nzimbe a nyengo imodzi ndi aganyu. Pabedi loyandikana pali mmodzi, wagwira miyezi isanu yokha, mkazi wake anandipempha ndimulembere. Ndinamulembera ndithu kuti malo ake asungike, koma za malipiro sindinamulonjeze kanthu. Zikatisokonekera ife, ndidzatenga kalata yosainidwayo kupita nayo ku ofesi ya zantchito kuboma.

Koma makiyi aja, mnzanga, makiyi! Ndinawapeza m'thumba la buluku pochapa, atatu pa waya, kamodzi kali ndi kachingwe kofiira. Usiku wonse sindinagone. Ndinkaona nthochi zikufota ndi dzuwa lino chifukwa injini yatsekeredwa. Ndinkaona aphwanya loko, dizilo wasowa, batire yasowa, ndipo aliyense akuti makiyi anali ndi ndani? Munthu ali pa okosijeni apolisi n'kumudikira pakhomo la wodi. Ndinauza mwana uja kuti akalaliki alembenso pa kalata yathu kuti alandira makiyi atatu. Analemba "makiyi" basi, osaika nambala. Mpaka lero zikundidya. Achimwene atayamba kuyankhula, asanafunse za ana, anafunsa ngati wina wathira oyilo mu injini. Tsopano ndikudandaulanso za oyilo wa injini imene sindinaionepo.

Yankho la abwana silinabwere. A kapitawo anafika Lachinayi ndi botolo la sobo, anati musade nkhawa. Ndinathokoza ndi mtima wonse, anayenda mtunda pa dzuwa, komabe ndikufuna mawu amenewo papepala.

Kukhitchini ya magadiyani wina ananditengera mthiko, wachiwiri umenewu. Nkhuni zakwera, kamtolo kake kochepa moti nyemba sizipsa. Alamu amathira mchere wambiri m'phala la wodwala, ndikanena amakwiya. Tiyanjane anachira mwana wamwamuna, ali bwino onse, ndidzakuuza. Nsapato zanga zinaduka pampopi.

Ukandilembera undiuze ngati mbatata za kumeneko zatsika mtengo, ndipo uwafunse amuna ako ngati masiku amene munthu akupumula kunyumba atatuluka amafunanso kapepala kena ka adokotala, chifukwa ine ndikuganiza zopempheratu tsiku lotulukalo, ndisanakwere kabaza, kuti ndisadzabwererenso kudzaima pamzere. Pepala landithera, ndipo anamwino akuitana magadiyani a bedi la kuzenera, ndiye za Tiyanjane zija ndi dzina la mwana

Ndine mnzako,
amake Madalo