Botolo la madzi si thupi la munthu

A Mkonzi,

Tsiku lina pa Kamuzu Road ku Salima kuno ndidapeza mnyamata akugulitsa mapilitsi a antiokisidanti, mankhwala amene akuti amalimbana ndi tizidutswa towononga maselo a m'thupi. Adadonthezera ayodini, mankhwala ofiirira opaka pa zilonda, m'botolo la madzi, n'kuponyamo pilitsi, madzi aja n'kuyera mbee. Akuti magazi athu amatsukikanso choncho.

Sadachite matsenga, vitamini C wa m'mapilitsiwo amayeretsadi ayodini. Koma m'botolo pilitsi ndi mdani wake ali awiriwiri. M'thupi pilitsi liyenera kudutsa m'matumbo ndi m'chiwindi, ndipo vitamini C akachuluka, impso zimamutaya mu mkodzo. Wotsalayo amamwazikana thupi lonse, pomwe mafiriradiko, tizidutswa tolusa tija timene akuti timawononga maselo, amaluma chilichonse chimene ali nacho pafupi nthawi yomweyo, mankhwala asadafike n'komwe. Komanso si onse oipa: maselo oyera a m'magazi amawapanga dala pophera tizilombo toyambitsa matenda.

Mapilitsi a antiokisidanti adayesedwa kale pa anthu. Ku Finland, amuna osuta fodya oposa 29,000 adawagawa m'magulu, ena n'kumapatsidwa mamiligalamu 20 a betakarotini, mtundu wina wa antiokisidanti, tsiku lililonse kwa zaka zisanu kapena kuposa. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo idachuluka ndi 18 peresenti mwa omwa betakarotiniyo poyerekeza ndi osamwa. Chonsecho m'botolo ankagwira ntchito bwinobwino!

N'chifukwa chake ndidadandaula kuona bambo wina, ndudu ili kukhutu, akupereka ndalama zake. Ndikadakonda akadamufunsa mnyamatayo kuti mapilitsi akewo adayesedwa pa anthu angati, ndipo ndi angati adadwala.

Mphunzitsi wa sayansi,
Salima