Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Nsabwe Zoopsa Zili m'Misoko ya Zovala

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi kupempha kuti uthenga umene unduna wanu umapereka pa nkhani ya nsabwe uzisiyanitsa nsabwe za m'mutu ndi nsabwe za m'zovala. Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito zaumoyo, amaziona ngati chinthu chimodzi, ndipo zotsatira zake n'zakuti timalimbana ndi mitu ya ana asukulu pamene nsabwe zofalitsa matenda a taifasi zikuswana mwakachetechete m'zovala za akaidi ndi za anthu okhala m'misasa ya othawa kwawo.

Pa maonekedwe nsabwe ziwirizi n'zovuta kuzisiyanitsa, koma malo amene zimaikira mina ndiwo amaziulula. Nsabwe ya m'mutu imamatirira mina yake kutsitsi, pafupi kwambiri ndi khungu pamene pali pofunda, ndipo imaswa pakatha masiku 8 kapena 9. Popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, mina yoyera imene ili kutali ndi khungu kawirikawiri imakhala makoko chabe, choncho mwana sayenera kubwezedwa kusukulu chifukwa cha imeneyo. Nsabwe ya m'zovala imakhala ndi kuikira mina m'misoko, makamaka m'kolala, m'khwapa ndi m'chiuno, ndipo imapita pakhungu pokhapokha ikafuna kuyamwa magazi. Munthu angamuyang'ane wodwala thupi lonse osapeza nsabwe ndi imodzi yomwe, koma akatembenuza malaya n'kutambasula msoko ndi zala, amapeza mina itandandalika m'mphepete mwa ulusi.

Taifasi, amene si taifodi wobwera ndi madzi kapena chakudya choipa, amayamba ndi tizilombo totchedwa riketsiya. Nsabwe ikayamwa magazi a wodwala, tizilomboti timaswana m'matumbo mwake mpaka kuwaboola, moti nsabweyo imafiira ndipo imafa pasanathe milungu iwiri. Isanafe imatulutsa tizilombo tochuluka m'ndowe zake. Kulumidwa pakokha sikupereka matendawa. Munthu amawatenga pamene akukanda poyabwa n'kupaka ndowezo pabala. Choopsa china n'chakuti nsabwezi zimathawa thupi limene latentha kwambiri, choncho wodwala akafika pachimake, izo zimasamukira kwa mnzake amene agona naye chofunda chimodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani nsabwe za m'mutu sizichita zomwezo? Akatswiri anaonapo kuti m'labotale nazonso zimatha kutenga tizilomboti, komabe miliri yodziwika ya taifasi yakhala ikutsatira nsabwe za m'zovala. Nsabwe za m'zovalazi zimayamwa magazi ambiri nthawi imodzi, chitetezo cha m'matumbo mwake n'chofooka poyerekeza ndi cha zinzakezo, ndipo ndowe zake zimaunjikana m'nsalu yokhudzana ndi khungu usana ndi usiku. Zimapiriranso: nsabwe ya m'mutu ikachoka pamunthu imafa m'masiku awiri, pamene ya m'zovala ingathe pafupifupi mlungu wathunthu ikudikira m'bulangeti.

Charles Nicolle, dokotala wa ku France, anazindikira kuti nsabwe za m'zovala ndizo zimafalitsa taifasi ali ku Tunis, m'dziko la Tunisia, mu 1909, ataona kuti odwala ankapatsira ochapa zovala ndi owalandira pachipata cha chipatala, koma akangosambitsidwa n'kuvekedwa zoyera, kupatsirako kunkatha. Ndipo matendawa sanathe ndi nthawi yakaleyo, pakuti mu 1997 anagwira anthu zikwizikwi m'misasa ya ku Burundi pa nthawi ya nkhondo. Munthu amene anachira angasunge tizilomboti zaka zambiri n'kudzadwalanso thupi likafooka, ndipo akadwalira pamalo pamene pali nsabwe za m'zovala, mliri ungayambire pa iye.

Pempho langa, Olemekezeka, ndi ili. Azaumoyo akapeza anthu angapo m'chipinda chimodzi cha ndende akutentha thupi ndi kupweteka mutu kwambiri, makamaka ngati kuyeza malungo sikukuonetsa kanthu, aphunzitsidwe kuyang'ana misoko ya zovala, osadalira timadontho totuluka pachifuwa ndi pamimba, pakuti pakhungu lakuda sitioneka bwino. Mankhwala a dokisisayikilini amachiza matendawa msanga, ndipo ayenera kupezeka m'malo oterowo. Kumeta mitu sikungaletse taifasi. Chofunika ndi kuchapa zovala ndi zofunda za onse tsiku limodzi m'madzi otentha madigiri 60, kusita misoko ndi simbi yotentha, ndiponso kupatsa munthu aliyense chovala chachiwiri kuti azitha kusintha kamodzi pamlungu, chifukwa madzi ozizira samatula mina, ndipo munthu wa chovala chimodzi alibe choti avale pamene chake chikuwiritsidwa.

Ine wanu modzichepetsa,
Wogwira ntchito zaumoyo