Lipoti la msonkhano wa asungichuma: masenti osiyana pakati pa mizere ndi chiwonkhetso

Wapampando ndi mamembala onse a komiti ya za chuma,

Munandituma ku msonkhano wa asungichuma ndi olemba mabuku a ndalama, ndipo munandipatsira funso limodzi loti ndikabwere ndi yankho lake: tizitani invoisi ikasiyana ndi mabuku athu ndi senti imodzi kapena awiri, pomwe palibe amene walakwitsa kuwonkhetsa? Nkhani za bajeti ndi kasungidwe ka malisiti zinakambidwanso, koma zambiri ndi zomwe timachita kale, choncho sindikutayitsani nazo nthawi. Lipoti lino ndi la masentiwo.

Mayi amene anatsogolera gawoli, yemwe ntchito yake ndi ya uodita, analemba pa bolodi invoisi ya mizere inayi, ya msonkho wa 15 peresenti. Mitengo yake msonkho usanalowe inali 10.10, 24.30, 7.70 ndi 18.50, zonse pamodzi 60.60. Anatigawa pawiri. Mbali imodzi anaiuza kuti iwerengere msonkho pa chiwonkhetso, ndipo inapeza 9.09 ndendende, invoisi yonse n'kukhala 69.69. Ife a mbali inayo anatiuza kuti tiwerengere mzere uliwonse pawokha. Mzere woyamba unatulutsa 1.515, wachiwiri 3.645, wachitatu 1.155, wachinayi 2.775. Koma theka la senti sililipirika, ndiye nambala iliyonse tinaikweza kuti ifike pa senti yathunthu: 1.52, 3.65, 1.16 ndi 2.78. Titawonkhetsa tinapeza 9.11, invoisi yonse 69.71. Mbali ziwirizo zinayamba kulozana zala, aliyense akubwereza pa kakyuleta yake, mpaka mayiwo anatiuza kuti tonse takhoza. Masenti awiriwo abadwa pa matheka anayi aja amene ife tinakweza, pomwe anzathuwo analibe chokweza chilichonse.

Kuchokera pamenepa ndi pomwe panatuluka mfundo imene ndikuiona kuti ndi yaphindu kuposa zonse zimene ndinamva. Kukweza kapena kutsitsa nambala kamodzi sikungaisunthe kupitirira theka la senti. Choncho kusiyana kumeneku kuli ndi malire ake owerengeka. Mizere inayi, pafupifupi masenti awiri basi, ndipo invoisi ya pabolodi ija anachita kuisankha dala kuti ifike pa malirewo. Mizere 40 ingathe kufika masenti 20, ngakhale kuti sizichitikachitika, chifukwa mizere ina imakwera pomwe ina ikutsika n'kumafafanizana. Ndiye invoisi ya mizere iwiri ikasiyana ndi masenti 7, tisanene kuti ndi nkhani ya matheka a senti ayi. Pamenepo pali mtengo wolembedwa molakwika, kuchotsera kumene kwaiwalika, kapena peresenti ya msonkho yosiyana. Kuchepa kwa ndalamayo si umboni. Zolakwika ziwiri zikuluzikulu, china chowonjeza china chochepetsa, zimatha kusiya masenti ochepa pamwamba, mkati muli dzenje.

Bambo wina anakumbutsa njira yakale ya olemba mabuku, yoti kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, yamba wakayikira manambala osinthana malo. Wolemba 69.17 m'malo mwa 69.71 amasiya masenti 54, ndipo wolemba 69.01 m'malo mwa 69.10 amasiya masenti 9, omwe munthu wotopa madzulo angawakankhire ku matheka a senti mosavuta.

Malire aja ali ndi pothera pake, ndipo apa tisamale. Amagwira ntchito ngati nambala yakwezedwa kumapeto kwa mzere. Ikakwezedwa isanachulukitsidwe, nkhani imasintha. Chinthu cha mtengo wa 0.10, msonkho ukalowa chimakhala 0.115. Wina akakweza pomwepo kufika 0.12 kenako n'kuchulukitsa ndi zinthu 200, apeza 24.00, pomwe wowerengera pa mzere wonse apeza 23.00. Theka la senti lija lachulukitsidwa ka 200. Kusiyana kotere si kokalemba m'buku n'kuiwala. Ndi kokakonza pa kawerengeredwe, kuti mtengo wa chinthu chimodzi uzisungidwa ndi manambala ake onse mpaka mzere utatha.

Tsopano kalembedwe, komwe ndi kumene munanditumira. Ambiri tinapita tikuganiza kuti yankho ndi kutsegula akaunti imodzi yoponyamo masenti onse osokonekera. Akauntiyo ikufunikadi, koma mwa zochitika zitatu zimene tinazisanthula, imagwira ntchito pa chimodzi chokha.

Choyamba ndi pamene invoisi yachokera kwa wotigulitsa. Iye walemba msonkho 9.11 ndi chiwonkhetso 69.71, koma ife tikalowetsa mizere ija mu pulogalamu yathu ikutulutsa 9.09 ndi 69.69. Apa chikalata cha mwini wake ndicho chimalamula. Tisinthe msonkho ndi dzanja ukhale 9.11, katundu akhale 60.60, ngongole yathu kwa iye ikhale 69.71, ndipo tilipire 69.71. Ku akaunti ya masenti sikupita kanthu. Chifukwa chake n'chakuti woyendera mabuku akadzatenga invoisiyo n'kuiika pafupi ndi leja, adzafuna kuona nambala yomweyo pa msonkho, ndipo wotigulitsayo akatumiza sitetimenti yake, iyenera kugwirizana ndi yathu mpaka senti. Tikalemba 9.09 n'kuponya masenti awiri kwina, chiwonkhetso chigwirizana koma msonkho ukhala ukusiyana ndi chikalata chake.

Chachiwiri ndi pamene ife talemba invoisi ya 69.71, kasitomala n'kuwerengera yekha pa chiwonkhetso n'kulipira 69.69. Ndalama yalowa kale ku banki, ndipo palibe wanzeru amene angaimbe foni kulonjerera masenti awiri. Koma tikangowasiya, invoisiyo imakhalabe yotsegula, n'kumaoneka pa mndandanda wa angongole mwezi ndi mwezi, mwinanso pulogalamu n'kumutumizira kasitomalayo kalata yomukumbutsa ngongole ya 0.02, zomwe ndi zochititsa manyazi. Apa ndiye pogwiritsa ntchito akaunti ija. Banki debiti 69.69, akaunti ya kusiyana kwa masenti debiti 0.02, kasitomala kirediti 69.71, invoisi yatsekedwa. Msonkho ukhalabe 9.11 monga tinalembera pa invoisi. Akanakhala kuti walipira mopitirira ndi masenti awiri, akaunti yomweyo ikanalandira kirediti. Ndi akaunti ya mbali ya zolowa ndi zotuluka za chaka, yotsekedwa chaka chikatha ngati zinzake. Mayi aja anatsindika kuti isasakanizidwe ndi akaunti yosungiramo ndalama zosadziwika mwini wake, chifukwa ya kumeneko imayembekezera kufufuzidwa, pomwe iyi nkhani yake yatha kale.

Chachitatu ndi kugawa ndalama imodzi. Bilu ya 100.00 ikagawidwa ku nthambi zitatu, iliyonse imatenga 33.33, zonse pamodzi 99.99. Senti yotsalayo sinatayike, ndipo si yolembera padera. Nthambi imodzi itenge 33.34. Chofunika n'kugwirizana kuti imapita kwa ndani, kaya mzere womaliza kaya gawo lalikulu, n'kumachita chimodzimodzi nthawi zonse.

Panabuka mtsutso pa funso loti mlembi aloledwe kutseka yekha kusiyana kofika pati. Ena anati pakhale nambala imodzi, monga masenti 50 pa chikalata chilichonse, kuti ntchito iziyenda. Ine sindinagwirizane nazo, ndipo ndinanena pomwepo. Masenti 50 pa invoisi ya mizere iwiri ndi khomo lotsegula, chifukwa matheka a senti sangafike kumeneko n'komwe. Nambala yokhazikika ndi yabwino ngati denga, koma pansi pake pakhalebe kuwerenga mizere. Si onse anakhutira. Wina anati mlembi wa mainvoisi mazanamazana alibe nthawi yowerenga mizere. Ali ndi mfundo, koma ife mapepala athu si ochuluka chotero.

Chinanso choyang'ana ndi mmene akauntiyo ikuyendera pa miyezi. Ngati ndi matheka a senti enieni, madebiti ndi makirediti amasinthanasinthana ndipo ndalama yotsalamo imakhala pafupi ndi ziro. Ikamangokulira mbali imodzi, pali chifukwa chake: mwina pulogalamu ina imangodula manambala a kumapeto osakweza, mwina kasitomala mmodzi amawerengera mwanjira yake nthawi zonse, mwinanso wina wapeza pobisa zolakwa zake. N'chifukwa chake cholemba chilichonse cha mu akauntiyi chizikhala ndi nambala ya invoisi yake, osati kulemba kamodzi pakutha pa mwezi kuti mabuku angogwirizana.

Za Excel tinazikamba mwachidule, koma zikutikhudza chifukwa malipoti athu ambiri timapangira mmenemo. Kuuza selo kuti izionetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho sikusintha chimene chili mkati. Pa sikirini mukuona 1.52, mkatimo muli 1.515, ndiye chiwonkhetso chituluka 9.09 pomwe membala wowonkhetsa zimene akuziona papepala apeza 9.11, n'kuyamba kukayikira msungichuma. Ngati tikufuna kuti zooneka zikhale zomwezo zowonkhetsedwa, mzere uliwonse ulembedwe motere:

```
=ROUND(B2*0.15,2)
```

Tinauzidwanso kuti si mapulogalamu onse amene amakweza 5 wa kumapeto. Ena amapita ku nambala yogawika ndi 2 imene ili pafupi, kotero 3.645 imakhala 3.64 pomwe 1.515 imakhalabe 1.52. Pa invoisi yathu ija njira imeneyi imatulutsa 9.10, yankho lachitatu pa chikalata chimodzi chomwecho. Nanga njira yolondola pa msonkho ndi iti, ya mzere kapena ya chiwonkhetso? Zimatengera malamulo a msonkho a dziko lililonse, ndipo pomwe zonse ziwiri zikuloledwa, chachikulu ndi kusankha imodzi n'kukhala nayo.

Wina anafunsa za maiko amene anasiya ndalama zachitsulo zing'onozing'ono. Canada inasiya kugawa kobiri ya senti imodzi mu 2013, ndipo kumeneko wolipira kashi amalipira chiwonkhetso chofikitsidwa pa masenti asanu apafupi, pomwe wolipira ndi khadi amalipira ndalama yeniyeni. Invoisi ya 69.71 ikalipiridwa ndi kashi imakhala 69.70, msonkho osasintha, ndipo senti yotsalayo imalembedwa monga m'chochitika chachiwiri chija.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha kuti tivomereze kutsegula akaunti ya kusiyana kwa masenti, komanso tilembe mu ndondomeko yathu kuti msonkho pa mainvoisi athu timawerengera pa mzere kapena pa chiwonkhetso. Ine ndingakonde pa chiwonkhetso, popeza nambala imakwezedwa kamodzi kokha ndipo kasitomala wowerengera yekha amafika pomwe tafika ifeyo. Pa za malire a mlembi, maganizo anga ndi theka la senti pa mzere uliwonse, denga masenti 10 pa chikalata chimodzi, ndipo chopitirira pamenepo chizidzera kwa msungichuma asanachitseke. Wapampando, ngati mungalole, ndidzabwera ndi mainvoisi akale amene akadali otsegula chifukwa cha masenti, kuti tidzawayese ndi malire amenewa limodzi tisanavote.

Ine nthumwi yanu.